Kiyubu yaikulu ndiyo ili ndi kunja kwakukulu, nanga selo laling'ono lipambana bwanji?

Madamu a ku Mchinji: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ndithandizeni, lero zandikanika m'kalasi. Ndimaphunzitsa chifukwa chimene maselo amakhalira ang'onoang'ono. Ndinapita ndi makiyubu atatu amene ndinadula ku mbatatesi, ya sentimita 1, ya masentimita 2 ndi ya masentimita 3. Tinawerengera eliya ya nkhope zonse, tinapeza 6, 24 ndi 54. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Madamu, ndiye yaikuluyo ndi yabwino, chifukwa ili ndi malo ambiri olowera chakudya. 54 ndi wamkulu kuposa 6." Kalasi yonse inagwirizana naye. Ine ndinangobwereza kuti reshiyo ya eliya ku voliyumu ndiyo imatsika kiyubu ikamakula, koma m'maso mwawo ndimaona kuti sizikulowa. Lachinayi ndibwereranso ku mutu womwewu. Ndiwafotokozere bwanji?

Sala a Masamu: Madamu, musavutike, apatseni fomula. Mbali ya kiyubu muitche a, eliya ya nkhope zonse SA, voliyumu V.

```
SA = 6 × a × a
V = a × a × a
SA ÷ V = 6 ÷ a
```

a akamakula, 6 ÷ a akuchepa. Ya 1 ipereka 6, ya 2 ipereka 3, ya 3 ipereka 2. Nkhani yatha.

Madamu a ku Mchinji: Zikomo Sala, koma manambala amenewo tinawapeza kale, ndipo ana anawalemba bwinobwino. Vuto ndi loti sakuona chimene 6, 3 ndi 2 akutanthauza. Kwa iwo 54 ndiye akuoneka ndi maso, pamene 2 ndi nambala yongotuluka pa kugawa.

Sala a ku Dedza: Madamu, poyamba mtsikanayo mumuyamikire, chifukwa sananame. Kiyubu yaikulu ili ndi kunja kwakukulu, ndipo zolowa zonse mukaziphatikiza zimachuluka kuposa za yaing'ono. Chimene sanafunse ndi choti zolowazo zikukadyetsa angati.

Ine ndimachita chonchi. Ndimatenga kiyubu ya masentimita 3, ndimalemba mizere pa nkhope zake, kenako ndimaidula ana akuona. Mumatuluka timakiyubu 27 ta sentimita imodzi. Ndimawauza kuti kalikonse mwa timeneti ndi kamoyo, kakufuna okosijeni, kakufuna chakudya, ndipo kakutulutsa zoipa zofunika kuchoka. Kamene kali m'mphepete ndi kamene kali pakati njala yawo ndi imodzi. Tsono ndimafunsa kuti mawindo a sentimita imodzi amene ali kunja ndi angati. Amati 54. Odya ndi angati? 27. Ndiye aliyense alandira mawindo 2. Kakiyubu kakang'ono kaja kali kokha, ndipo mawindo 6 onse ndi ake. Apa ndi pamene 2 ndi 6 amasiya kukhala manambala wamba.

Musathamangire kutaya tizidutswato. Muwauze ana atibwezere pamodzi kuti tipangenso kiyubu ija, n'kuwerenga kuti kalikonse kakuonetsa nkhope zingati kunja. Ta m'makona tilipo 8 ndipo tikuonetsa nkhope 3. Ta m'mphepete tilipo 12, nkhope 2. Ta pakati pa nkhope tilipo 6, nkhope imodzi yokha. Mukaphatikiza tikukwana 26. Kakusowa kamodzi. Asiyeni akafune okha. Akachotsa zapamwamba amakapeza pakati penipeni, kotsekeredwa mbali zonse, kopanda ndi windo limodzi lomwe. Chaka chatha mnyamata wina anakatola, anakayang'anitsitsa, n'kunena kuti, "Sala, aka ndiye kafa." Sindinafunikenso kufotokoza zambiri.

Madamu a ku Mchinji: Eee, kobisika pakatiko ndiye sindinakaganizire. Ndipo 24 ndi 24 ndi 6 akukwanadi 54.

Sala a ku Dedza: Ndithu. Kenako timwazeni pa tebulo tonse 27, kalikonse pakokha. Mbatatesi ndi yomweyo, simunawonjezere kanthu, voliyumu ikadali 27. Koma tsopano nkhope zonse zili poyera, 27 kuchulukitsa ndi 6, ndiye 162. Kuchoka pa 54 kufika pa 162 chifukwa cha mpeni basi. Selo likakula n'kugawikana pawiri, zimene zachitika n'zofanana ndi zimenezi, pamabadwa khungu latsopano pamalo pamene panali mkati.

Madamu a Zaulimi, Nkhotakota: Aphunzitsi, nkhani imeneyi kwathu kuno ana amaidziwa kale, kungoti sadziwa kuti ndi sayansi. Chinangwa cha kondowole tikachivuula m'madzi, sitichiyanika chathunthu. Timachiphwanya tizidutswa n'kuyanika pa thandala. Chidutswa chachikulu chimauma kunja kokha, mkati mukadali chinyezi, ndipo masiku a mitambo chimachita nkhungu n'kuda. Mayi anga akapeza zidutswa zikuluzikulu pa thandala ankatibweza kuti tikaphwanyenso. Nsomba nazo chimodzimodzi. Usipa umauma wokha pa dzuwa, koma chambo kapena kampango mpaka ung'ambe n'kutambasula, apo ayi iwola mkati kunja kukuoneka bwino.

Sala a ku Dedza: Madamu, chitsanzo cha nsombacho n'chabwino kwambiri, chifukwa chikuonetsa njira ziwiri. Usipa wapambana chifukwa ndi waung'ono. Chambo chong'amba sichinachepe, changosintha maonekedwe. Tibwereranso pamenepo.

Wa pa tichingi pulakitisi: Pepani akuluakulu, ndine watsopano. Ndiye kuti nyama zing'onozing'ono ngati mbewa zili ndi maselo aang'ono, n'chifukwa chake zimathamanga kwambiri, ndipo njovu ili ndi maselo aakulu n'chifukwa chake imayenda pang'onopang'ono? Ndimafuna ndikapereke ngati chitsanzo.

Sala a ku Dedza: Ayi achimwene, chimenecho musakapereke. Maselo a njovu ndi a mbewa sasiyana kwenikweni kukula kwake. Njovu ndi yaikulu chifukwa maselo ake ndi ochuluka, osati chifukwa ndi aakulu. Umenewu ndiye umboni wa nkhani tikukambayi. Thupi likafuna kukula silifufumitsa maselo, limawonjezera chiwerengero, n'kuika mitsempha ya magazi yofikitsa okosijeni pafupi ndi selo lililonse. Zoti mbewa imadya kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake n'zoona, ndipo zikukhudzana ndi reshiyo yomweyi, koma ya thupi lonse. Kanyama kakang'ono kali ndi khungu lambiri poyerekeza ndi mnofu wake, ndiye kamataya kutentha msanga. Ndi nkhani ina, musaziphatikize pa tsiku limodzi, ana asokonezeka.

Wa pa tichingi pulakitisi: Zikomo Sala, ndikanakawasocheretsa ana.

Madamu a ku Mchinji: Pali china chimene sindinanene. Nditaona kuti manambala sakugwira, ndinaviika makiyubu atatu aja m'madzi a pemanganeti kuti aone ndi maso. Patapita mphindi 15 tinavuula n'kudula pakati. Ndimayembekezera kuti yaing'onoyo ikhala itasintha mtundu yonse. Koma onse atatu anali ndi kamzere kakang'ono kabulauni m'mphepete, kosafika ndi milimita imodzi yomwe, mkati monse muli mbee. Gulu lina linadula ndi mpeni wonyowa ndi mankhwala, mtundu unapakika mpaka pakati pa yaikuluyo, ndiye anayamba kunena kuti yaikulu ndiyo yalowa kwambiri. Ndinatuluka m'kalasi mtima uli pansi.

Bambo a ku labu: Madamu, mbatatesi yaiwisi ndi youma mutu pa ntchito imeneyi. Ndi yothinana, ndipo pemanganeti akangokhudza mbatatesi amasintha n'kukhala wabulauni pomwepo, ndiye ambiri amathera pakhomo. Mphindi 15 sizingakwane. Ife timagwiritsa ntchito agala, ufa umene ukawiritsidwa m'madzi n'kuzizira umagwirana ngati jelatini. Ndimasungunula magalamu 2 a agala m'mamililita 100 a madzi, kuwiritsa ndikutakasa mpaka madzi ayere. Ikazizira pang'ono koma isanagwirane, ndimathira madontho a fenofutalini ndi madontho ochepa chabe a sodiyamu haidulokusaidi wosungunula, mpaka ikhale pinki wowala. Ndimathira m'kontena ya pulasitiki yozama kupitirira masentimita 3, n'kusiya usiku wonse. M'mawa imadulika bwino ndi lezala ndi lula. Makiyubuwo mumaviika mu viniga wa kukhitchini kapena asidi wosungunula kwambiri. Asidi akamalowa, pinki amazimirira kuchokera kunja, ndipo popeza agala amaonekera mkati, ana amaona kakiyubu kapinki kakuchepa pang'onopang'ono osadula n'komwe.

Zinthu zitatu zimawononga. Choyamba ndi nkhope ya pansi. Kiyubu ikakhala pansi pa bika, nkhope imeneyo silandira bwino, ndiye pinki wotsala amapendekera pansi. Muzitembenuza ndi supuni ya pulasitiki mphindi iliyonse. Chachiwiri ndi kuumira viniga. Akachepa, yaikulu imamufooketsa ndipo zotsatira zimasokonekera, ndiye makiyubu onse amire ndithu. Chachitatu ndi mpeni uja mwanena. Vuulani onse nthawi imodzi, pukutani ndi pepala, ndipo mpeni muupukute musanadule ina. Sodiyamu haidulokusaidi musawapatse ana, konzani nokha, ndipo agala ameneyu asagwiridwe ndi manja kapena kulawidwa.

Sala a Masamu: Ndiye akaona kuti asidi walowa msanga mu yaing'ono, fomula yatsimikizika. Reshiyo yaikulu, difyushoni yothamanga.

Bambo a ku labu: Pamenepo Sala ndikutsutsani pang'ono. Asidi sathamanga kwambiri mu yaing'ono. Ikani lula pa makiyubu onse atatu, mupeza kuti walowa mtunda wofanana. Asidi sadziwa kuti kiyubu imene akulowayo ndi yaikulu bwanji. Chimasiyana ndi gawo la mkati limene mtunda umenewo wakwanitsa.

Ndikupatseni za gulu lina la teremu yatha. Patatha mphindi 10 asidi anali atalowa mamilimita 2 mbali zonse, pa makiyubu onse atatu. Ndiye kakiyubu kapinki kotsala mkati kamachepa ndi mamilimita 4 pa mbali iliyonse, 2 uku 2 uku.

```
1 cm: 0.6³ = 0.216   ÷ 1  = 22%
2 cm: 1.6³ = 4.096   ÷ 8  = 51%
3 cm: 2.6³ = 17.576  ÷ 27 = 65%
```

Amenewo ndi magawo osafikidwa. Yaing'ono yafikidwa pafupifupi magawo 78 pa 100 alionse, yapakati 49, yaikulu 35 okha. Koma onaninso izi, chifukwa zikuyankha mtsikana uja. Agala amene wasintha mtundu mu yaikulu ndi pafupifupi makiyubiki sentimita 9.4, pamene mu yaing'ono sakukwana 1. Yaikulu yamwadi zambiri, monga ananenera. Kungoti yatsala ndi 17.6 osalandira kanthu.

Madamu a ku Mchinji: Bambo, apa mwandimasula. Ndiye ngakhale mbatatesi zanga zija sizinalephere kwenikweni? Mzere unali wofanana pa onse atatu, ndipo ine ndimaona ngati ndicho cholakwika.

Bambo a ku labu: Sizinalephere, zinakuuzani zoona. Mzere wofananawo ndiye phunziro lake. Ukanakhala milimita imodzi yathunthu, yaing'ono ikanatsala ndi 0.8 kuchulukitsa katatu, ndiye 0.512, kutanthauza kuti pafupifupi theka lafikidwa. Yaikulu ikanatsala ndi 2.8 kuchulukitsa katatu, pafupifupi 22 mwa 27, ndiye gawo lofikidwa silikwana limodzi mwa magawo asanu. Vuto la mbatatesi ndi loti mzere umachepa kwambiri moti lula wa ana sangauyeze bwino.

Sala a Masamu: Chabwino, ndavomera kuti liwiro lolowera ndi limodzi. Koma ndiye eksiperimentiyi ikuonetsa mtunda wokafika pakati, osati reshiyo. Tikuwauza ana kuti tikuyesa chinthu china pamene tikuyesa china.

Sala a ku Dedza: Funso limeneli ndi lenileni, ndipo mabuku ambiri amangolilumpha. Mavuto a selo lalikulu ndi awiri. Loyamba ndi la khomo: membuleni, khungu la selo lija, ikuchepa poyerekeza ndi zimene ikudyetsa. Lachiwiri ndi la ulendo: chinthu chikalowa, chiyende mpaka pakati. Pa kiyubu awiriwa amayendera limodzi, chifukwa mbali ikakula kawiri, reshiyo imatsika ndi theka ndipo mtunda wokafika pakati umakula kawiri. N'chifukwa chake n'kovuta kuwalekanitsa ndi agala.

Koma la ulendoli ndi lowawa kuposa mmene timaganizira. Difyushoni si munthu woyenda pa msewu woti mtunda ukawirikiza kawiri nthawi nayo iwirikiza kawiri. Timamolekyu timangoyenda mwachisawawa, kupita uku n'kubwerera, ndiye mtunda ukawirikiza kawiri nthawi imawirikiza kanayi, ukawirikiza ka 10 nthawi imawirikiza ka 100. Tengani okosijeni m'madzi. Kuti ayende mamaikulomita 10, womwe ndi msinkhu wa maselo ambiri a m'thupi mwathu, sizimutengera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Milimita imodzi imamutengera mphindi zingapo, zinayi kapena kuposerapo. Sentimita imodzi ndi maola pafupifupi 7. Selo lalikulu ngati kiyubu yanu yaing'onoyo, pakati pake pakanafa kalekale okosijeni asanafike.

Bambo a ku labu angachitire umboni. Asidi amalowa mwachangu mphindi zoyamba, kenako amachita ngati watopa.

Bambo a ku labu: Zoona. Mamilimita 2 oyamba amabwera msanga, koma kudikira kuti ya masentimita 3 iyere mpaka pakati, piriyodi imatha, ina n'kuthanso. Ana ena amaganiza kuti viniga watha mphamvu, amafuna kuthira wina.

Sala a Masamu: Komabe ine ndikuona kuti tikanakhala oona mtima tikanalemba pa bolodi kuti eksiperimentiyi ndi ya mtunda. Reshiyo tiisiye ku masamu.

Sala a ku Dedza: Sindikuvomereza kwathunthu. Nthawi ikakhala yochepa ndipo mzere ndi wopyapyala, gawo lofikidwa limakhala pafupifupi eliya kuchulukitsa ndi kuya kwa mzere, kugawa ndi voliyumu. Imeneyo ndi reshiyo yomwe ija. Koma mukadikira kuti muone imene iyambe kuyera yonse, pamenepo mukuyesadi mtunda. Ndiye zimatengera funso limene mwawapatsa ana.

Sala a Masamu: Ndikaliganizira usiku uno. Sindinakhutire.

Madamu a Zaulimi, Nkhotakota: Ine funso langa ndi lina. Mwana akakufunsani za dzira la nkhuku muyankha bwanji? Timawauza kuti yolki ya dzira ndi selo limodzi, ndipo ija ndi yaikulu kuposa kiyubu ya masentimita 2. La nthiwatiwa ndiye osanena. Lamulo lanu lathera pati?

Sala a ku Dedza: Madamu, limeneli amafunsadi chaka chilichonse. Yolki ndi selo limodzi inde, koma pafupifupi yonse ndi nkhokwe ya chakudya, siipuma ngati mnofu wamoyo. Mbali yamoyo ndi kadontho koyera kamene kamaoneka pamwamba pa yolki mukaswa dzira mosamala, kotalika mamilimita ochepa chabe, ndipo kali kunja penipeni. Dzira likakhala la tambala, kadontho kameneko ndi kamene kamagawikana kukhala maselo ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo pasanathe masiku atatu nkhuku ikukhalira, mitsempha ya magazi imakhala itayamba kuyala pamwamba pa yolki. Dziralo silinaphwanye lamulo, lalizungulira.

Maselo aakulu ambiri amachita zofanana ndi zimenezi. Selo la chomera limadzaza pakati pake ndi vakiyolo ya madzi, n'kukankhira mbali yamoyo ku khoma. Kuli bakiteriya wina amene anapezeka m'matope a pansi pa nyanja ku gombe la Namibia, dzina lake Thiomargarita namibiensis, amene amatha kukula mpaka mamilimita 0.75, woti munthu amamuona ndi maso. Mkati mwake pafupifupi monse ndi thumba losungira naitireti, ndipo mbali yamoyo ndi kachikuta kopyapyala kozungulira thumbalo. Zili ngati kiyubu ya timakiyubu 27 ija mutachotsa ka pakati n'kuikapo botolo la madzi.

Njira ina ndi ya chambo chanu chong'amba. Madamu a ku Mchinji, ngati nthawi ilipo Lachinayi, dulani zinthu zitatu za voliyumu imodzi, 8. Kiyubu ya masentimita 2 ili ndi eliya 24. Kandodo ka 1 ndi 1 ndi 8 kali ndi 34. Kabenthu kophwatalala ka 4 ndi 4 ndi theka la sentimita kali ndi 40. Kulemera ndi kumodzi, koma reshiyo ikuchoka pa 3 kufika pa 4.25 mpaka 5. Mukaviika zonse, chophwatalalacho chimayera poyamba, chifukwa palibe malo mkati mwake amene atalikira kunja kupitirira mamilimita awiri ndi theka. Selo lofiira la magazi ndi lophwatalala, lolowa pakati mbali zonse ziwiri, mamaikulomita 7 kapena 8 m'mimba mwake. Selo la minyewa lochoka ku msana kukafika ku chala cha phazi limatalika pafupifupi mita, koma ndi lowonda kuposa tsitsi. Timaubweya ta mizu ndi tandodo tomwe tija.

Wa pa tichingi pulakitisi: Ndiye Sala, ngati kuchepa ndiko kwabwino, bwanji maselo onse sali ang'ono ngati bakiteriya, kapena kuchepera apo?

Sala a ku Dedza: Chifukwa kumunsi nako kuli malire. Selo liyenera kukhala ndi malo osungira malangizo ake a chibadwa, maraibosomu opangira mapuloteni, ndi maenzaimu okwanira. Mabakiteriya ang'ono kwambiri, a mtundu wa Mycoplasma, ali pa mamaikulomita 0.2 kapena 0.3, ndipo pamenepo katundu wadzaza kale. Komanso khungu lambiri silingolowetsa zabwino zokha. Madzi ndi mchere zimatulukanso msanga, ndipo selo limawononga mphamvu kuzibweza. N'chifukwa chake ine mawu oti selo laling'ono ndi "labwino" ndimawapewa. Ndimati limasinthana zinthu ndi kunja mosavuta. Selo losungira mafuta ntchito yake ndi kusunga, ndipo kukula sikulipweteka kwenikweni.

Madamu a ku Mchinji: Koma pa mayeso mwana akalemba kuti laling'ono limagwira bwino ntchito chifukwa reshiyo ndi yaikulu, ndimuchongere?

Sala a ku Dedza: Muchongereni, koma mumuphunzitse kumaliza chiganizo. Anene kuti gawo lililonse la mkati lili ndi membuleni yokwanira, ndipo mtunda wokafika pakati ndi waufupi, choncho okosijeni ndi chakudya zimafika msanga ndipo zoipa zimatuluka msanga. Wongolemba kuti "lili ndi eliya yaikulu" walakwa, ndipo ameneyo ndi amene amachuluka.

Sala a Masamu: Pali msampha wina umene ndimauona ku masamu, ndipo ukugwirani Lachinayi ngati simusamala. Gulu lina liyeza m'mamilimita. Kiyubu yomwe ija ya sentimita imodzi idzakhala ya 10, eliya 600, voliyumu 1000, reshiyo 0.6. Gulu loyandikana nalo lapeza 6. Ayamba kukangana kuti wolakwa ndani, chonsecho onse akhoza. Reshiyo imeneyi si nambala yopanda mayunitsi, ndi 6 pa sentimita, kapena 0.6 pa milimita. Ena akaona 0.6 amati ndiye voliyumu yaposa eliya, ngati kuti ziwirizi zingapikisane. Auzeni onse ayeze m'masentimita, ndipo poyerekeza makiyubu asasinthe yunitsi pakati pa njira.

Madamu a ku Mchinji: Zimenezo zinachitikadi pa gulu lina, ndinangowauza kuti afufute. Ndikawafotokozera bwino.

Tsono vuto langa ndi agala. Kusukulu kwathu kulibe, fenofutalini ndinaona kabotolo kamodzi koma sindikudziwa ngati akadali bwino. Ndingagwiritse jelatini wa m'sitolo?

Bambo a ku labu: Fenofutalini muyeseni pothira dontho m'madzi a phulusa osefa, akasanduka pinki ndiye kuti ali bwino. Jelatini amatheka, koma kutentha kwa mwezi uno amafewa msanga, makona amasungunuka ana asanayeze. Ngati mulibe firiji pafupi ndi kalasi, musadalire. Njira ina imene ndinayesapo ndi zoyera za dzira lowiritsa. Mumathira zoyera za mazira angapo m'kapu, kuphika pa nthunzi mpaka zilimbe, kudula makiyubu, n'kuviika m'madzi a kala wa zakudya wochuluka. Mtundu umalowa pang'onopang'ono, ndiye muviike m'mawa kwambiri kapena dzulo lake, ana adzangodula n'kuyeza. Ya masentimita 3 imafuna mazira ambiri, mukhoza kuchita za theka la sentimita, 1 ndi 2.

Madamu a Zaulimi, Nkhotakota: Nanga madzi a chidede? Amafiira mukathira ndimu, ndipo mukathira soda amada n'kupita kobiriwira. Sangalowe m'malo mwa fenofutalini?

Bambo a ku labu: Mtundu amasinthadi, zimenezo ndaziona. Koma m'makiyubu sindinayesepo, ndipo ndikuopa kuti mtunduwo uzitulukira mu viniga n'kusokoneza mzere. Ndili ndi agala wotsala pang'ono, ndiyesa Loweruka ndi chidede ndi kabichi wofiira, ndidzakuuzani.

Madamu a ku Mchinji: Loweruka ndi kutali, kalasi ndi Lachinayi. Ndiyamba ndi kudula mbatatesi ya 27 ija, aliyense afune kakiyubu kobisika, kenako mazira amene ndiviike Lachitatu madzulo. Mtsikana uja ndimupatsa iyeyo mpeni ndi lula, ayeze yekha mzere pa yaikulu ndi pa yaing'ono. Bambo a ku labu, kala wake ndithire wochuluka bwanji pa kapu imodzi ya madzi, ndipo usiku wonse sudzapitirira mpaka yonse kusintha mtundu?

Bambo a ku labu: Thirani mpaka madzi ade moti supuni isaoneke pansi. Za nthawi zimatengera kala wake, ndiye phikani dzira limodzi mawa, muviike kakiyubu ka sentimita imodzi madzulo, mudule m'mawa. Mukapeza kalowa mpaka pakati, Lachinayi muviike m'mawa mukangofika kusukulu.